Kalata yopempha kuti mwana azikhala kutsogolo m'kalasi

"Mwana wanga saona bwino zolembedwa pa bolodi. Kodi ndilembe bwanji kalata kwa aphunzitsi ake kuti azikhala kutsogolo?"

Kholo linzanga, lembani zimene mwaona ndi maso anu, ndipo mutchule malo enieni amene mukupempha. Mukangoti "mwana ali ndi vuto la maso", aphunzitsi akhoza kumuika kutsogolo ndithu, koma kumapeto kwa mzere, pafupi ndi zenera. Pamenepo bolodi amalionera cham'mbali, kuwala n'kumanyezimira pabolodipo, choko osaoneka. Malo abwino ndi kutsogolo chapakati. Ngati diso limodzi ndi lofooka, nenaninso: amene amaona bwino ndi diso lamanja akhale chakumanzere pang'ono, kuti bolodi likhale mbali ya diso labwinolo.

Kalatayo ikhale yaifupi, chonchi:

"Okondedwa Aphunzitsi,

Ndine kholo la uje, wa m'kalasi mwanu. Kwa miyezi iwiri tsopano ndaona kuti amatsinzinira akamayang'ana zinthu zakutali, ndipo akaweruka amadandaula mutu. M'kope mwake mawu ambiri okopera pa bolodi ndi olakwika kapena osamaliza, pomwe akamakopera m'buku salakwitsa. Wandiuza kuti amaonera kwa mnzake chifukwa saona zimene mwalemba.

Ndikupempha kuti, ngati n'kotheka, azikhala mzere woyamba chapakati, kutali ndi zenera. Zingamuthandizenso mutamawerenga mokweza zimene mukulemba pa bolodi. Sabata yamawa ndipita naye kukayezetsa maso, ndipo ndidzakudziwitsani zotsatira zake.

Zikomo chifukwa chosamalira ana athu.

Ndine,
kholo la uje."

Musaiwale tsiku ndi nambala yanu ya foni. Chiganizo chonena za kuonera kwa mnzake chija musachichotse, chifukwa ana otere amadzudzulidwa kuti ndi akuba mayankho kapena aulesi, pomwe vuto ndi maso. Zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Ngati munayezetsa kale, ikanimo pepala la kuchipatala ndipo mumasulire nambala zake. Akalemba 6/18, ndiye kuti mwana amaona ali pa mamita 6 chimene wamaso abwino amaona ali pa mamita 18. Aphunzitsi akamva choncho amazindikira msanga kuti mpando wakumbuyo ndi kutali bwanji kwa iye.

Mwana akakhala wamtali, aphunzitsi angaope kuti azitchinga anzake. Pamenepo vomerani malo a m'mbali mwa mzere woyamba, mbali imene kuwala sikumuthobwa m'maso.

Kalatayo kaperekeni nokha pamanja, chifukwa ya m'chikwama cha mwana kawirikawiri siifika. Ikatha sabata, tsegulani kope lake. Ngati akulakwitsabe pokopera ngakhale ali kutsogolo, kapena akudzukabe kupita pafupi ndi bolodi, mpando wokha sukukwanira. Mpando suchiza maso, umangofupikitsa mtunda, choncho tsiku lokayezetsa lija musalisinthe. Mwina akufunika magalasi.