Wakuyimbira foni akuti ndi wa kubanki: usamuwerengere nambala

*Agogo, dzulo wina anandiyimbira n'kunena kuti ndi wa kubanki yanga. Ananditchula dzina lonse, n'kuti akaunti yanga itsekedwa ndikapanda kumuwerengera nambala imene inabwera pa uthenga. Ndinadula foni, koma mtima ukundivuta. Amamveka munthu wamkulu, waulemu wake. Kodi sindinachite mwano?*

Mdzukulu wanga, sunachite mwano. Tidakuphunzitsani kuti wamkulu akamalankhula sadulidwa mawu, ndipo akathyali amenewa mwambowu amaudziwa bwino, ndiye amaugwiritsa ntchito ngati khasu lokumbira m'thumba mwako. Ulemu timapereka kwa mlendo wofika pakhomo ndi odi, osati kwa amene akupempha kiyi wa kuchipinda.

Wantchito weniweni wa banki safuna pini yako, ndipo ngakhale amene amakhala pakauntala saiona pa kompyuta yake. Nambala yobwera pa uthenga ija, imene amailemba kuti OTP, ndiyoopsa koposa. Siyibwera yokha ayi. Imabwera chifukwa wina wake, nthawi yomweyo, akuyesa kulowa mu akaunti yako, kulembetsa akauntiyo pa foni ina, kapena kulipira chinthu ndi khadi lako. Banki imatumiza nambalayo ku foni yako kuti itsimikize ngati ndiwedi. Wakubayo wafika pachitseko, chamutsalira ndi loko mmodzi yekha, ndipo kiyi wake ali m'manja mwako. Nambalayo imatha ntchito pakangopita mphindi zochepa, n'chifukwa chake amakuthamangitsa: "Mayi, fulumirani, tikutseka pompano." Paja fulumira adadya gaga.

Ndidaziona ndi maso anga kwa mphwanga wina, mphunzitsi wa kupulayimale. Malipiro atangolowa, foni idalira ali pamsika akugula matemba. Woyimbayo adati pali munthu akufuna kutapa K150,000 mu akaunti yake, ndipo kuti ailetse, awerenge manambala asanu ndi imodzi amene angolowa. Mphwangayo, thumba la matemba lili m'khwapa, adawerenga. Sadaone n'komwe kuti uthenga womwewo m'munsi mwake udalembedwa kuti asauze munthu aliyense nambalayo. Asanafike pamalo okwerera kabaza, mauthenga awiri adalowa onena kuti ndalama zatuluka. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti adamuthokoza wakubayo asanadule foni.

Zoti anakutchula dzina lonse zisakudabwitse. Dzina ndi nambala ya foni timazisiya paliponse: m'mabuku a alendo pageti, pa mafomu, m'magulu a pa foni. Ngakhale nambala yooneka pa foni yako ikhoza kupangidwa kuti ioneke ngati ya banki.

Ukadula, usayimbirenso nambala imene yakuyimbirayo, kapena ina imene iye wakupatsa. Tembenuza khadi lako la banki, kumbuyo kwake kumakhala nambala yawo, uyimbe imeneyo. Apo ayi, pita kunthambi ndi chiphaso chako cha unzika ukafunse ngati akaunti ili ndi vuto. Kwa iwe ndikuti uchite zimenezi lero lomwe, ngakhale sunaulule kanthu, chifukwa kubwera kwa uthenga uja kukusonyeza kuti wina ali kale ndi zina zokhudza akaunti yako. Sintha pini, ndipo usaike chaka chako chobadwa. Ngati akauntiyo idalumikizidwa ndi Airtel Money kapena Mpamba, pini ya kumeneko isafanane ndi ya kubanki.

Tsiku lina zikadzachitika kuti waulula, kapena mnzako waulula, manyazi aikidwe pambali. Yimbani kubanki nthawi yomweyo, ngakhale usiku, atseke khadi ndi njira ya pa foni. Musafufute uthenga uliwonse. Lembani nambala imene inayimba, nthawi yake ndi ndalama zimene zatuluka, mukanene kupolisi. Ndalama zimabwezeka mosavuta zisanatapidwe, koma zikangotengedwa kwa ejenti, kuzipeza n'kovuta zedi. Mphwanga uja adadikira mpaka Lolemba poopa kusekedwa, ndipo sadapeze ngakhale tambala.

China choti uzichiyang'anira masiku ano ndi ichi. Foni yako ikangotaya netiweki mwadzidzidzi, pamene anzako a kampani yomweyo akuyimba bwinobwino pamalo omwewo, izimitse n'kuiyatsanso. Ikakanabe, usanene kuti ibwera yokha. Mwina wina watengetsa simukhadi ina pa nambala yako, ndipo mauthenga a kubanki ayamba kupita kwa iye. Bwereka foni ya mnzako, uyambe wauza banki, kenako uthamangire ku ofesi ya kampani ya foniyo ndi chiphaso chako.

Ukapita kumudzi, ukawakhazike pansi amayi ako uwafotokozere zonsezi pang'onopang'ono. Iwo aja sangadule foni ya munthu amene wawapatsa moni mwaulemu. Uwauze kuti akangomva mawu oti pini kapena nambala ya pa uthenga, azingoti, "Ndibwera konko kubanki," n'kudula.