Mnzanga wakwezedwa pantchito, ndimuyamikire bwanji?

"Abale, mnzanga amene takhala naye zaka zambiri pachipatala china chaching'ono cha ku Namwera wakwezedwa, tsopano ndi inichaji wathu. Pa gulu la WhatsApp aliyense wangolemba mawu amodzimodzi. Ine ndikufuna adziwe kuti ndakondwadi, koma ndikuopa kuoneka ngati ndikudzigulira malo kwa bwana watsopano. Ndinene chiyani?"

Achemwali, mawu a pa gulu aja sikuti ndi oipa. Vuto lake ndi loti "zabwino zonse" mungamuuze wina aliyense, wokwatiwa, wokhoza mayeso, ngakhale wogula njinga ya kabaza. Mnzanuyo akawerenga mauthenga 30 ofanana sadziwa kuti wakondwadi ndani. Lembanibe mzere umodzi pa gulupo lero lomwe, chifukwa mukakhala chete anthu ayamba kunena kuti muli ndi kaduka. Koma mawu enieni mukamuuze panokha, pamaso, pasanathe masiku awiri kapena atatu.

Chimene chimasonyeza kuti mawu achokera mumtima ndi chinthu chimodzi chimene inu munaona ndi maso anu iye akuchita. Osati khalidwe lake lonse, monga "ndinu wolimbikira", chifukwa zimenezo amanena ngakhale munthu amene sanagwirepo naye ntchito. Kumbukirani tsiku. Mwachitsanzo, ngati munali limodzi nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023, yomwe inavuta kwambiri kuno ku Mangochi, pali zimene mukudziwa inu zimene a ku boma amene anasaina kalata yake sadziwa. Munganene chonchi:

"Asisi, nditamva nkhaniyi ndinakumbukira usiku uja kutenti ya kolera, madiripi atatsala ochepa. Inu simunagone, munkayendera wodwala aliyense n'kumaimbanso foni ku boma mpaka galimoto inabwera m'mawa. Tsiku lija ndinaona kuti mumatha kutsogolera anthu osawakalipira. Udindowu wapita kwa mwini wake, ndipo ndakondwa."

Taonani mmene mawuwo ayendera. Ayamba ndi chochitika, kenako chimene chochitikacho chinakuonetsani za iye, n'kutsiriza ndi chimwemwe chanu. Sakutenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ndipo asakhale okokomeza. Ngati galimoto sinabwere usiku umenewo, musaibweretse. Iye analipo, akukumbukira bwino kuposa inu, ndipo akangomva bodza limodzi ayesa zonse ndi zomunyengerera.

Tsopano za mantha anu aja. Munthu amaoneka ngati akudzigulira malo akaika pempho kumchira kwa chiyamiko. "Musatiiwale mu ufumu wanu", "tsopano tizipita nawo kumaphunziro a ku Monkey Bay", "mundichotseko pa ndandanda ya usiku". Timanena ngati nthabwala, koma wakumvayo amadziwa kuti mkati mwake muli ngongole. Ine ndimaona kuti ngakhale ya "mutigulire fanta" ndi bwino kuisiya tsiku limenelo, makamaka poti malipiro atsopano m'boma sabwera mwezi womwewo nthawi zonse, ndipo munthu amakhala ali ndi udindo watsopano pa ndalama zakale. Mukamaliza kuyamikira, siyirani pomwepo. Za tchuthi chanu mudzakamba sabata ina, mu ofesi.

Mawu ena amene amapweteka mosadziwa ndi "mwachita mwayi". Kwathu kuno munthu akakwezedwa sipalephera kukhala manong'onong'o, ena amati ali ndi achibale ku likulu, ena amati anayendera. Mukati mwayi, mwaima mbali ya onong'onawo. Chimodzimodzi "zatheka tsopano patatha zaka zonsezi", chifukwa mukumukumbutsa nthawi zimene anamudumpha. Kutchula Mulungu kulibe vuto, Msilamu ndi Mkhristu yemwe amalandira, bola mutchulenso thukuta lake la munthuyo.

Ngati nanunso munafunsira udindo womwewo ndipo iye akudziwa, musachite ngati sizinachitike. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Mukudziwa kuti nanenso ndinkaufuna, koma ndigwira nanu ntchito ndi mtima wonse." Wokwezedwa pakati pa anzake amakhala ndi nkhawa yoti amene ankadya nawo nsima limodzi amutembenukira, choncho mawu amenewa amamupepukitsa kuposa mphatso.

Chotsala ndi kaitanidwe. Pamene mukumuyamikira muli awiri, muitaneni monga mwa masiku onse, kaya ndi "asisi" kaya ndi dzina la mwana wake. Mukangoyamba ndi "bwana" pamenepo, mwaika mpanda pakati panu ndipo mawu anu amveka ngati a pamsonkhano. Koma pamaso pa odwala, a zaumoyo a m'midzi ndi antchito anzanu, mupatseni ulemu wa udindo wake kuyambira mawa, ndipo akagawa ntchito koyamba mukhale woyamba kuichita osang'ung'udza. Akuyang'anani kwambiri inuyo sabata yoyambayi, chifukwa enawo atengera kwa inu amene munali mnzake wapamtima.