Dzanja lamanzere lisamangokhala pantchafu

"Achimwene, ndangoyamba kumene ntchito yaukalaliki. Tsiku lonse ndimakhalira kukopera maina ndi ndalama kuchoka mu Excel kupititsa mu Word, ndipo ndimaweruka dzuwa litalowa. Mnzanga wapambali amatha msanga chikhalirecho mausi saigwiragwira. Ndikuchita manyazi kumufunsa. Kodi amadina chiyani?"

Achemwali, manyaziwo ndi amene andilembetsa zonsezi, chifukwa ine anandidyera miyezi. Ntchito yanga yoyamba inali mu ofesi ina ku Limbe, tebulo langa litayang'anizana ndi la mayi wina wachikulire amene anayambira pa taipilaita. Ine ndinali ndi setifiketi ya kompyuta yatsopanotsopano, ndiye ndinkadziona ngati dolo. Koma mayiwo ankatseka kompyuta nthawi yoweruka isanakwane n'kuyamba kusenda mtedza, ine ndikadali kuthamangitsa kamuvi pasikirini. Kufunsa? Ayi ndithu. Wa setifiketi angafunse wa taipilaita?

Tsiku limene ndinagonja ndimalikumbuka bwino. Ndinali nditalemba lipoti la masamba 14, ndipo ndinamva kwinakwake kuti Ctrl+S imaseva. Chala chinaterereka n'kugwa pa A, poti A ndi S n'zoyandikana. Ctrl+A imasankha zonse zimene zili m'fayilo. Ine maso ali pakiyibodi, osaona kuti tsamba lonse ladetsedwa, ndinapitiriza kulemba. Chilembo choyamba chimene ndinadina chinameza masamba onse 14. Nditadzutsa mutu, pasikirini panali mawu atatu okha. Thukuta kamukamu. Dzanja linali litapita kale pa ka X kotsekera, poganiza kuti ndikatseka n'kutsegulanso zibwerera. Mayi aja anangoti, "Mwanawe, chotsa dzanja pamenepo." Anadzuka, nadina Ctrl+Z kangapo, lipoti lonse n'kutulukira ngati silinapite kulikonse. Kenaka anandimenya kadzanja kamanzere kamene kanali phee pantchafu, amvekere, "Ili anakupatsirani chiyani?"

Mpaka lero ndimaona kuti masukulu ambiri ophunzitsa kompyuta amatilakwira. Amakuphunzitsa kupita pa Home, kusaka Copy, kubwerera, kusaka Paste, ngati munthu wotuma mwana kumsika kasanu kukagula zinthu zimene zikanakwana m'jumbo imodzi. Mayeso umakhoza, pepala umalandira, koma dzanja limodzi limatuluka lili lolumala. Poyamba ndinkati mwina n'kuchepa kwa nthawi. Pano ndimati n'kusasamala basi, chifukwa zimenezi zingaphunzitsidwe tsiku loyamba lenilenilo, munthu asanazolowere zolakwika. Ndipo si zachilendo ayi. Nzeru yodula, kukopera ndi kumata anaikonza ndi Larry Tesler ndi anzake ku Xerox PARC, malo a kafukufuku a kampani ya Xerox, m'zaka za m'ma 1970, ndipo pamene kompyuta ya Macintosh inkatuluka mu 1984 zilembo za Z, X, C ndi V zinali zikugwira kale ntchito zomwezi. Tayang'anani pakiyibodi panupo: zinayizo zandandalikana pamzere wam'munsi kumanzere, pafupi ndi Ctrl. Kachala kakanise kamakanikiza Ctrl, zala zinazo n'kumafikira zilembozo, dzanja lamanja lili pamausi. Alt ndi Tab nazonso zili komweko.

Nanga mnzanuyo amadina chiyani?

Amazungulira pa zinthu zitatu zokha. Amasankha dzina mu Excel n'kudina Ctrl+C. Amadina Alt+Tab, Word n'kubwera kutsogolo. Amadina Ctrl+V, kenaka Alt+Tab kachiwiri kubwerera ku Excel. Chinsinsi cha Alt+Tab n'chakuti mukaidina kamodzi n'kusiya, imakubwezerani pawindo limene munali musanabwere pamene mulipo. Choncho pakati pa mawindo awiri mumangopita ndi kubwera ngati katungwe. Mukafuna lachitatu, musasiye Alt: ikanikizeni, muzidina Tab mpaka kabokosi kafike pa limene mukufuna, ndiye musiye. Mukapitirira, onjezani Shift, kabwerera m'mbuyo. Ctrl+X imasiyana ndi Ctrl+C poti imasamutsa chinthucho, sichitsala pamene chinali.

Koma pali maenje, ndipo ine ndinagweramo onse. Kompyuta imasunga chinthu chimodzi chokha chimene mwakopera komaliza. C ndi V n'zoyandikana, ndiye tsiku lina mudzafika pakabokosi kopanda kanthu mu Excel n'kudina Ctrl+C m'malo mwa Ctrl+V. Apo mwakopera mphepo, ndipo zimene munanyamula zija zatayika. Mudzazindikira poona kuti timizere toyendayenda tazungulira kabokosi kopanda kanthuko. Ctrl+Z siithandiza pamenepa, chifukwa m'fayilo simunasinthe chilichonse, bwererani mukakoperenso. Ngati muli ndi Windows 10 kapena 11, dinani batani la Windows pamodzi ndi V, muvomere kuti iyatsidwe, ndipo kuyambira pamenepo izikusonyezani mndandanda wa zimene mwakhala mukukopera. Pakompyuta yobwerekana samalani nayo, chifukwa pasiwedi mukaikopera nayonso imakhala pamndandandawo.

Dzenje lachiwiri ndi la ndalama, ndipo ndi loopsa chifukwa silikuwa. Tinene kuti mu D2 mukuoneka 45,000, koma m'kati mwake muli fomula iyi:

```
=B2*C2
```

Mukapita nayo ku Word, palibe vuto, ifika ngati 45,000. Koma mukaimata mu D2 ya fayilo ina ya Excel, chimene chafika ndi fomula, ndipo iyamba kuchulukitsa B2 ndi C2 za kumeneko. Ngati timabokosito tilibe kanthu muona 0. Mukaimata mu A1 muona #REF! chifukwa kumanzere kwa A kulibe kolowera. Choipa kwambiri n'chakuti mukapezeka manambala ena, ikupatsani yankho looneka labwinobwino koma labodza, bwana n'kusainira. Mankhwala ake ndi Ctrl+Alt+V, kenaka V, kenaka Enter, imene imamata nambala yokha popanda fomula. Ku Word nako, dzina likafika ndi zilembo zosiyana ndi za kalata yanu, dinani Ctrl payokha mutangomata kumene, kenaka T, litenga maonekedwe a mawu oyandikana nalo.

Ndibwerere kwa Ctrl+Z, poti ndi imene inandipulumutsa. Imabwerera m'mbuyo sitepe imodziimodzi, ndipo mukabwerera mopitirira, Ctrl+Y imakupititsaninso kutsogolo. Koma imakumbukira pokhapokha fayilo ikadali yotsegula. Ndikanatseka lipoti lija, Word ikanandifunsa ngati ndikufuna kuseva, ndipo mmene ndinkanjenjemereramo ndikanadina Save, masamba 14 n'kusanduka mawu atatu mpaka kalekale. Magetsi akathima nawonso amapita ndi zonse zimene inkakumbukirazo, n'chifukwa chake chala changa chimadina Ctrl+S chokha ndikangomaliza ndime, ngakhale pa laputopu yodzadza batire. Imagwiranso ntchito pamafayilo: mukafufuta fayilo mwangozi mu File Explorer, Ctrl+Z imaitulutsa mu Recycle Bin. Koma ya pa fulashi kawirikawiri sidutsira mu Recycle Bin, ndipo imene mwafufuta ndi Shift+Delete yapita basi.

Sabata yoyamba muchedwa kuposa kale, dzanja lizithawirabe ku mausi, musadabwe. Yambani ndi Ctrl+C, Alt+Tab ndi Ctrl+V zokha mpaka Lachisanu, zinazo zidikire. Ngati ofesi yanu ili ndi Mac, pamene ndalemba Ctrl pa C, V, X ndi Z ikani Command, ndipo posinthana mapulogalamu ndi Command+Tab. Koma ngati makalata anuwo ndi ofanana, chosintha ndi dzina ndi ndalama zokha, mumufunse mnzanuyo ngati sakugwiritsa ntchito Mail Merge ya mu Word, imene imatenga yokha maina ndi ndalama mu Excel n'kuziika m'makalata, chifukwa ngati ndi choncho ndiye kuti sakukopera n'komwe. Mupite ndi mandasi awiri pa nthawi ya tiyi. Ine mayi aja ndinawagulira Fanta.