API ndi chiyani kwenikweni?

“Mwana wanga akuti foni imadziwa nyengo kudzera pa API. Ine za mapulogalamu sindinaphunzirepo. Chimenechi nchiyani?”

Bambo, API ndi njira yogwirizana imene pulogalamu ina imapemphera zinthu kwa inzake. Foni yanuyo siyeza mvula ayi, imachita kufunsa kompyuta ya kutali. Pa Open-Meteo, tsamba la pa intaneti lopereka za nyengo, mwachitsanzo, imatumiza pempho lotere:

```
https://api.open-meteo.com/v1/forecast?latitude=-13.97&longitude=33.79¤t=temperature_2m
```

Manambala awiriwo akuloza Lilongwe, ndipo mawu omalizawo akupempha kutentha kwa panopa. Mukalemba zimenezi pamene mumalemba adiresi ya pa intaneti, mulandira mawu ndi manambala okhaokha, opanda chithunzi. Kadzuwa kamene mumaona pafoni kaja, pulogalamu imachita kujambula yokha ikawerenga yankholo.

Koma API ndi yokhwimitsa malamulo. Mukaphonya chilembo chimodzi pa `temperature_2m`, siyerekeza zimene mumafuna kunena. Imangobweza nambala 400, kutanthauza kuti pempho lalakwika. Mukafunsa mowirikiza kwambiri, ma API ambiri amabweza 429, kutanthauza kuti mapempho achuluka.

Ma API ena amafuna kiyi, mawu achinsinsi okuzindikiritsani. Ameneyo musapatse munthu. Ngati mukufuna kulumikiza API yolandirira ndalama ku bizinesi yanu, pezani katswiri wa mapulogalamu, chifukwa pempho likatumizidwa kawiri kasitomala akhoza kudulidwa ndalama kawiri.