Mpatuliro pakati pa ziganizo ziwiri mu uthenga wa pafoni

Funso: Bambo, abwana anga akuti mauthenga amene ndimatumiza kwa makasitomala pa WhatsApp samveka, chifukwa ndimangoika mpatuliro paliponse mpaka uthenga kutha. Kodi vuto ndi foni kapena ndine, ndipo ndingakonze bwanji?

Yankho: Achimwene, foni yanu ilibe mlandu, ndipo musayembekezere kuti ikuchenjezeni, popeza chowongolera kalembedwe cha pa kiyibodi nthawi zambiri chimayang'ana mawu amodziamodzi, osati mmene ziganizo zalumikizirana. Cholakwikacho chimachitika pamene ziganizo ziwiri, chilichonse chotha kuima pachokha, zagwirizanitsidwa ndi mpatuliro wokha popanda mlumikizi.

Ine ndinaphunzirira pa uthenga umene ndinalembera mayi wina, kasitomala wanga, ndili pakalikiliki wa ntchito, wakuti: "Ndasintha batire, foni ikuzima yokha." Ndimafuna kuwauza kuti vuto likadalipo, koma iwo anamva kuti ndasintha batire chifukwa cha kuzimako ndipo ntchito yatha, moti anakwera minibasi kudzatenga foni yosakonzeka. Mpatuliro umangolekanitsa mawu, sunena ngati chachiwiricho chikutsutsa choyamba, chikupereka chifukwa chake, kapena chikungotsatira.

Kuti muzindikire cholakwikachi, phimbani mpatulirowo ndi chala ndipo muwerenge mbali iliyonse payokha. Ngati mbali zonse ziwiri zikumveka zathunthu, pakufunika kukonza. Koma mu uthenga wakuti "Mukafika pa depoti, mundiimbire," mbali yoyambayo imasiya womvera akudikira zotsatira, choncho mpatuliro uli pamalo pake ndipo musauchotse.

Njira yachidule ndi kuika mpumiro, ndipo apa foni ikhoza kukuthandizani, chifukwa pa Gboard ndi pa iPhone mukadina kawiri motsatizana batani losiyira mpata, mpumiro umalowa wokha. Ngati pa iPhone sizikutheka, tsegulani Settings, kenako General, kenako Keyboard, n'kuyatsa "." Shortcut. Pa Gboard zimenezi zimapezeka pansi pa Text correction. Pa SMS simutaya kanthu pa malo a zilembo 160 amene uthenga umodzi umalola, popeza mpumiro ndi mpatuliro zimatenga malo amodzi chimodzimodzi.

Komabe mpumiro wokha sukanandipulumutsa tsiku limene lija, chifukwa "Ndasintha batire. Foni ikuzima yokha." ndi kalembedwe kolondola, koma kakusiyabe kasitomala akuganizira yekha. Pamene mfundo ziwirizo zikudalirana, sankhani mlumikizi amene akunena zimene mukutanthauza. Ndikanalemba kuti "Ndasintha batire, koma foni ikuzimabe yokha," mayi aja sakanawononga ndalama yawo ya ulendo, ndipo ntchito ikanakhala kuti yathadi, ndikanalemba kuti "Ndasintha batire chifukwa ndi imene imachititsa kuti foni izizima yokha." Kwa mnzanu wocheza naye mukhoza kulekerera, koma pa uthenga wonena za mtengo, tsiku lobwera kapena ntchito imene yatsala, muziwerenganso kamodzi musanatumize.