Pabalaza panga pakuoneka ngati shopu: ndisankhe sitayilo iti?

"Zikomo achemwali. Ndimachita lendi ku Chilomoni, balaza lake ndi mamita 4 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, pansi ndi simenti yofiira, makoma ndi a kirimu. Ndili ndi sofa ya bulauni ya pa ukwati wathu. Pafoni ndimasirira nyumba zoyera za katundu wochepa zija, koma ndimakondanso zofunda, za makushoni ndi mabulangete. Ndikalowa mu Limbe ndimangogula chilichonse chandisangalatsa, ndiye pano pabalaza pakuoneka ngati shopu. Ndisankhe iti, nanga ndingatani kuti ndisamasochere pogula?"

Achemwali, sankhani yofundayo, koma ya zinthu zowerengeka. Ndikutero chifukwa nyumba yanu inasankha kale mbali yaikulu musanalowemo. Sitayilo imayambira pa zinthu zimene simungazisinthe, ndipo kwa inu zilipo zitatu: simenti yofiira imene alandilodi sangalole kuti muikumbe, makoma a kirimu, ndi sofa imene simukufuna kuigulitsa chaka chino. Zonsezi ndi za mitundu yofunda, ya dothi ndi mitengo. Zithunzi mukusirirazo zimakongola chifukwa pansi pake ndi potuwa kapena poyera, ndiponso katundu wa eni ake ali m'makabati omangira m'khoma, osaoneka. Nyumba zambiri za lendi muno mu Blantyre zilibe makabati otero. Mukachotsa zokongoletsa zonse koma nsapato, mabuku a ana ndi mafulasiki zikusowa kokhala, balaza silioneka lopepuka m'maso, limangooneka ngati mukusamuka. Onjezanipo fumbi la mu Okutobala, limene pa kapeti yoyera silichedwa kudziwika.

Tsono musanapitenso kumsika, tengani kapepala kolimba kokwana m'kachikwama ka ndalama, mulembepo zinthu zochepa izi. Choyamba mitundu itatu yokha. Okonza m'nyumba ali ndi kagawidwe kamene amakakonda: mtundu umodzi utenge magawo 60 pa 100 a zimene diso likuona, wachiwiri 30, wachitatu 10. Kwa inu kirimu ndiye wamkulu, wa makoma ndi makatani. Bulauni ndi kufiira kwa simenti tikuziwerengera pamodzi ngati wachiwiri, chifukwa n'zapachibale. Wachitatu ndi wokhawo umene muli ndi ufulu wosankha, ndipo ine ndikanatenga wobiriwira wakuda, ngati masamba a mango okhwima, chifukwa umaziziritsa kufiira kwa pansipo. Wachikasu chakupsa ungathenso. Koma ukhale umodzi. Pansi pa mitunduyo lembani zipangizo: thabwa, nsungwi, nsalu ya thonje. Kutanthauza kuti tebulo la galasi lokhala ndi miyendo ya siliva, maluwa a pulasitiki ndi makatani onyezimira ngati diresi la ukwati sizilowa m'nyumba mwanu, ngakhale zitatchipa chotani.

Kuseri kwa kapepalako lembani miyeso, chifukwa katundu wosakwana pamalo amaononga sitayilo kuposa mtundu wolakwika. Sofa ya anthu atatu imakhala pafupifupi mamita 2 m'litali ndi masentimita 90 kuchoka kukhoma. Pakati pa sofa ndi tebulo pamafunika masentimita 40 kapena 45 kuti munthu aike miyendo, ndipo njira yodutsa ikhale masentimita 80 kapena kuposerapo. Pa mamita 3.5 anu aja, mukachotsa sofa, mpata wa miyendo, njira, ndi kabati ya wailesi yakanema ya masentimita 40, pakutsala pafupifupi mita imodzi. Choncho tebulo la masentimita 60 m'lifupi likukwana bwino, koma displeyi yaikulu ija anthu amaikonda kapena sofa yachiwiri yoyang'anizana nayo zidzatseka njira.

Dongosolo logulira nalo lili ndi ntchito. Yambani ndi zazikulu, zing'onozing'ono zibwere pamapeto. Ambiri timachita zosemphana, chifukwa kavazi ndi kawotchi ndi zimene ndalama ya m'thumba imakwanitsa tsiku limenelo, kenaka makatani timawasankha mokakamizika kuti agwirizane ndi tinthu khumi tosagwirizana. Inu yambani ndi makatani. Windo la mita 1.5 limafuna nsalu ya mamita 3 m'lifupi kuti ipindike bwino, ndipo itsike mpaka pafupi ndi pansi, isalekere pakati pa khoma. Ikhale ya kirimu wopanda maluwa, yolemererako, imene idzakuthandizeninso chiperoni chikamawomba mu Juni ndi Julayi. Ku kaunjika makatani otere amapezeka, koma muziwatambasula padzuwa, chifukwa mbali imene inkayang'ana kuwindo kumene anachokera imakhala itasuluka, ndipo mumthunzi wa benchi simungaone.

Akatha makatani, pitani kwa kalipentala. A ku Ndirande amapanga chilichonse mukawaonetsa chithunzi, koma chithunzi chokha sichokwanira. Mukangoti "mundipangire tebulo labwino", adzalipaka vanishi wonyezimira, miyendo n'kuisema mokhotakhota, popeza makasitomala ambiri amafuna zimenezo. Muwauze miyeso, muwauze kuti miyendo ikhale yowongoka, ndipo apake kaye vanishi pa kachidutswa ka thabwa lomwelo kuti mukaike pafupi ndi sofa yanu muone. Paini amatuluka wachikasu, mbawa ndi mlombwa zimatuluka zoderako. Chimene mwasankha pa tebulo chikhale chomwecho pa kabati ndi mashelefu. Mufunsenso ngati thabwalo ndi louma, chifukwa laliwisi limang'aluka ndi kupindika pakapita miyezi. Ngati mukufuna mpando wowonjezera wa alendo, umodzi wa nsungwi, wolukidwa ndi manja uja, ukuyenerana ndi zonsezi ndipo sudzaza malo.

Apa m'pamene mtundu wachitatu ukulowera, ndipo ndi gawo limene ndimalikonda. Chitenje chimodzi cha mamita 2 telala amatulutsamo makushoni anayi a masentimita 45. Sankhani chitenje chimene muli wobiriwira wanu uja pamodzi ndi bulauni kapena kirimu pang'ono. Telala akadula, mupemphe kachidutswa kotsala, mukamangirire ku kapepala kaja. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene chakukopani, kaya ndi mkeka, bulangete loyala pasofa kapena mphika wa duwa, muzichigunditsa ndi kansaluko musanafunse mtengo. Foni musaidalire pa mitundu, imanama malinga ndi kuwala. Kukhale nsalu ya maluwa imodzi yokhayo m'balazamo, zina zonse zikhale zopanda maluwa.

Mababu anthu amawaiwala. Pa bokosi pamalembedwa nambala: 6500K ndi kuwala koyera mbee, kumene kumapangitsa kirimu kuoneka wakuda ndi simenti yofiira kuoneka yozizira. Inu mukufuna 2700K kapena 3000K, kuwala kwachikasu pang'ono. Mukakonza zonse bwinobwino koma madzulo balaza likuonekabe ngati ofesi, yambani mwayang'ana babu.

Chiyeso chachikulu chili pa mawu aja akuti "tengani amayi, chatsala chimodzi chokha". Wogulitsa ali pantchito yake, sakulakwa. Inu dzifunseni kuti chinthucho chikakhala pati penipeni, ndipo chikachotsa chiyani. Ngati simungatchule malo ake muli chiimire pomwepo, chisiyeni, mugone kaye. Za ku kaunjika n'zoona kuti mawa mwina simuzipeza, n'chifukwa chake kapepala ndi kansalu ziyenera kukhala m'chikwama nthawi zonse, kuti muthe kugamula pomwepo.

Zimene munagula kale musazitaye lero. Tulutsani zonse zing'onozing'ono muziike m'katoni, kenaka mubweze zokhazo zogwirizana ndi kapepala. Mphatso za apongozi kapena za pa ukwati zimene simungazichotse, zisonkhanitseni pa shelefu imodzi m'malo mozimwaza ponseponse. Katoniyo ikhale kuchipinda mwezi wathunthu, ndipo zimene simunazifune m'mwezi umenewo mukhoza kupatsa abale kapena kugulitsa kuti muwonjezere pa ndalama ya makatani.