Chifukwa chake m'Chifalansa timati mon école osati ma école

Tadala: Azakhali, ndithandizeni. Ndinalemba *ma école* pofuna kunena kuti sukulu yanga, aphunzitsi achonga kuti ndalakwa, akuti ndi *mon école*. Koma *école* si dzina lachikazi? Ndiye nditakonza ndinalemba *mon école est grand*, andichotseranso malikisi. Mutu wanga waima.

Azakhali (uthenga wa mawu):

Eya Tadala, ndamva mwanangu. Khala pansi ndi kope lako, chifukwa ndiyankhula motalikirapo pang'ono. Aphunzitsi akowo sanakulakwire ngakhale pamodzi, ndipo iwenso sunalakwe poganiza kuti *école* ndi dzina lachikazi. Ndi lachikazi ndithu, timati *une école*, ndipo limakhalabe lachikazi ngakhale patsogolo pake paime *mon*.

Nkhani yonse yagona pa kamvekedwe. Tayesa kunena mokweza, *ma*, kenako *école*. Wamva mmene *a* ndi *é* akugundirana? Mawu ang'onoang'ono awa, *ma*, *ta*, *sa*, Afalansa salola kuti akumane ndi lembo laliwu. Ndiye dzina lachikazi likayamba ndi lembo laliwu amabwereka *mon*, *ton*, *son* ku mbali yachimuna, chifukwa amenewa amathera ndi *n*. Ndiye *n* ameneyu, amene pa *mon père* sumumva payekha koma amangopangitsa liwu kutulukira m'mphuno, pano amadzuka nkukagwirana ndi dzina lotsatiralo. Utchula ngati "mo-ne-kol". *Mon amie*, "mo-na-mi". *Ton idée*, *son adresse*, *mon orange*, onsewa ndi achikazi.

Mwina ufunsa kuti bwanji osangodula *a* uja monga amachitira pa *la*, paja timati *l'école*. Kalekale ankaterodi. Chifalansa chakale chinkati *m'amie* ndi *s'amie*, koma pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kunena *mon amie*, ndipo pofika zaka za m'ma 1500 njira yatsopanoyi inali itakhazikika. Choncho ukalemba *m'école* lero ulakwa.

Tsopano pamene unatayira malikisi achiwiri paja, mvetsera bwino, chifukwa ana ambiri amene ndawaphunzitsa amagwera pomwepo. Akangoona *mon* amaganiza kuti dzinalo lasanduka lachimuna, basi chiganizo chonse nkuchikokera ku chimuna. Ayi. *Mon* uja wangobwera kudzathandiza lilime, ntchito yake yathera pomwepo. Mawu ena onse ofotokoza dzinalo ayenera kukhala achikazi. Choncho ulemba *mon école est grande*, ndi *e* kumapeto, ndipo potchula *d* amveke. *Mon amie est contente*. *Son histoire est longue*. Ukafuna kuilozanso sukuluyo unena *elle*, osati *il*.

Palinso china apa. *Mon ami* ndi *mon amie* amamveka chimodzimodzi ndendende, khutu silingasiyanitse mnzako wamwamuna ndi wamkazi. Aphunzitsi akamawerenga kuti inu muzilemba, usathamange. Dikira mawu otsatira. Ukamva "kontant" ndi *t* womveka, ndiye kuti ndi *contente*, mnzakoyo ndi wamkazi, bwerera ukaike *e* pa *amie*.

Chinthu chimene ndikufuna uchigwire ndi manja awiri ndi ichi: lamuloli limayang'ana liwu limene lili pafupi penipeni ndi *ma*, kaya ndi dzina kaya ndi mfotokozi. Tiyeni titenge sukulu yako yomweyi tiyende nayo. Sukulu yanga, *mon école*. Sukulu yanga yatsopano, *ma nouvelle école*. Waona? *Nouvelle* walowa pakati, akuyamba ndi *n*, palibenso zogundana, ndiye *ma* wabwerera pamalo pake. Tsopano sukulu yanga yakale, imene ndinachokako, *mon ancienne école*, chifukwa *ancienne* akuyamba ndi *a*. Ndipo zimachitikanso chambuyo. Nyumba, *maison*, timati *ma maison* popanda vuto, koma nyumba yanga yakale ndi *mon ancienne maison*. Mchemwali wanga, *ma sœur*, mchemwali wanga wina, *mon autre sœur*. Ndiye usaloweze kuti "*école* amayenda ndi *mon*". Nthawi iliyonse yang'ana woyandikana naye.

Kenako pali *h*. Aa, *h* ameneyu ndiye amavutitsa ngakhale anthu amene aphunzira zaka zambiri. M'Chifalansa *h* satchulidwa, koma alipo a mitundu iwiri. Wina amatchedwa *h muet*, ameneyu ali ngati palibe, ndiye dzinalo limatengedwa ngati layamba ndi lembo laliwu: *mon histoire*, *son habitude*, *mon heure*. Winayo amatchedwa *h aspiré*. Nayenso samveka, koma amatseka njira, salola kudula kapena kulumikiza. Ndiye timati *ma honte*, manyazi anga, *ma hache*, nkhwangwa yanga, *sa hauteur*, kutalika kwake. Pongoyang'ana kalembedwe sungadziwe kuti ndi uti. Njira yake ndi iyi: kumbukira mmene dzinalo limanenedwera ndi *la*. Ngati amati *l'histoire*, ndiye kuti ndi *mon histoire*. Ngati amati *la honte*, *la* wathunthu, ndiye kuti ndi *ma honte*. Madikishonale ambiri amaika kanyenyezi kapena kachizindikiro kena patsogolo pa mawu a *h aspiré*, ukatsegule yakoyo uone. Palinso *onzième*, alibe *h* koma amachita chimodzimodzi, timati *sa onzième année*.

Chabwino. Popeza tayamba, ndikuuziretu misampha ina ya mawu a umwiniwa, chifukwa ukumana nayo posachedwapa.

Pa *son*, *sa*, *ses*, ndikupempha kuti uziganiza m'Chichewa. Amene amayamba aganiza m'Chingelezi amasochera, chifukwa Chingelezi chimafunsa kuti mwini chinthu ndi mwamuna kapena mkazi. Chifalansa sichifunsa zimenezo, ndipo ifenso sitifunsa. Timati buku lake, nyumba yake, chipewa chake. Chimene chikusintha *la*, *ya*, *cha* ndi chinthucho, osati mwiniwake. Chimodzimodzi, *sa voiture* ndi galimoto yake, kaya ndi ya achimwene ako kaya ya mayi ako, chifukwa *voiture* ndi dzina lachikazi. *Son livre* ndi buku lake, ngakhale mwini wake akhale mtsikana. Ukaona kuti womvera asokonezeka, umawonjezera kumapeto, *son livre à elle*, kapena *son livre à lui*. Apa ife tili ndi mwayi, tinabadwa nacho kale.

Koma Chichewa chomwechi chikhoza kukugwetsa pena, ndipo izi sudzazipeza m'mabuku olembedwa kunja, chifukwa olembawo sankaganizira za ife. Ndi nkhani ya ulemu. Ukamanena za agogo ako sunganene kuti nyumba yake, umati nyumba yawo, ngakhale agogowo ali amodzi. Ndiye mwana amatenga "yawo" uja nkulemba *leur maison*. Mfalansa akawerenga *mon grand-père et leur maison* afunsa kuti enawo ndani, chifukwa *leur* amatanthauza kuti eni ake ndi awiri kapena kuposa. Munthu mmodzi, ngakhale akhale mfumu, ndi *sa maison*, ndipo palibe chipongwe chilichonse. Ulemu wa Chifalansa umaonekera pamene ukuyankhula ndi munthuyo maso ndi maso. Pamenepo ndiye umati *votre maison*, nyumba yanu, osati *ta maison*. Aphunzitsi ako uwauze *votre livre*. Ukamauza mnzako za buku la aphunzitsiwo unena *son livre*. Chonde mwanangu, usamasakanize ziwirizi.

Pa *leur* pomwepo, funsa mafunso awiri motsatana. Eni ake ndi angati? Akakhala ambiri ndiye *leur*. Zinthuzo ndi zingati? Zikakhala zambiri uwonjezere *s*. Makolo ako ali ndi nyumba imodzi, *leur maison*. Ali ndi ana angapo, *leurs enfants*, ndipo apa *s* amamveka ngati *z* chifukwa *enfants* akuyamba ndi lembo laliwu. Mayi ako okha ndi ana awo, *ses enfants*, mwini mmodzi, ana ambiri. *Leur* alibe chimuna kapena chikazi, *notre* ndi *votre* chimodzimodzi, ndiye vuto la *mon école* silifika kuno: *notre école*, *leur école*, basi. Ungosamala *leur* wina amene amaima patsogolo pa mneni, monga *je leur parle*, ndikuyankhula nawo. Ameneyo si wa umwini ndipo salandira *s* ngakhale anthuwo atadzaza bwalo.

Chomaliza ndi ziwalo za thupi, ndipo apanso Chichewa chikuthandiza. Kodi iwe umati "ndasamba m'manja mwanga"? Umangoti ndasamba m'manja, aliyense akudziwa kuti ndi ako. Umati mutu ukundipweteka. Afalansa nawonso amatero: *je me lave les mains*, *j'ai mal à la tête*, *elle se brosse les dents*. Ka *me* kapena *se* kaja kanena kale mwini wake, ndiye ukalemba *je me lave mes mains* wanena kawiri, aphunzitsi adula. Koma chiwalocho chikakhala kuti ndicho ukuchifotokoza, chaima koyambirira kwa chiganizo, umwini umabwerera: *ses yeux sont beaux*, *mes mains sont froides*. Ndipo khutu, *oreille*, ndi lachikazi loyamba ndi lembo laliwu, ndiye ndi *mon oreille*, phewa ndi *mon épaule*.

Usiku uno undilembere ziganizo izi m'Chifalansa: sukulu yanga yatsopano ndi yaikulu, mnzanga wamkazi ndi wokondwa, agogo aamuna akugulitsa njinga yawo, makolo anga amakonda ana awo, ndi ndikutsuka mano. Pa njinga ugwiritse ntchito *bicyclette*. Ukamaliza uziwerenge mokweza pa uthenga wa mawu, ndikufuna ndimve ngati *n* wa pa *mon amie* akutuluka. Uwapatse moni mayi ako.